Mtengo wa bandulo ndi phindu la tsiku

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Amene mumagulitsa mayunitsi ndi mabandulo, gwirani cholembera, tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, mukaikemo anu.

Tinene kuti mwaoda mabandulo 50. Mtengo umene kampani imagulitsira kasitomala ndi 100, koma inu, poti ndinu wooda, mwapatsidwa pa 94. Zonse pamodzi mwalipira 4,700. Ambiri amafulumira kunena kuti akupeza 6 pa bandulo iliyonse. Ayi ndithu. Nanga thiransipoti yokaoda ija, kapena ndalama imene amadula potumiza pafoni? Tinene kuti yakwana 150. Igaweni pa mabandulo 50 aja, iliyonse isenze 3. Ndiye kuti bandulo imodzi mwaigula pa 97, ndipo nambala imeneyi ndi imene muziyambirapo poika mtengo.

Mukagulitsa pa 100, phindu ndi 3. Mukagulitsa pa 105, phindu ndi 8. Wina anena kuti basi tikweze. Dekhani kaye. Kasitomala amaudziwa mtengo wa kampani, ndipo atha kudzigulira yekha pafoni pake. Komanso yambani mwafunsa amene amakuodetsani ngati kukweza n'kololedwa.

Tsopano dzuwa lalowa, mwagulitsa mabandulo 40 pa 100. M'chikwama muli 4,000. Ndalama yonseyo si yanu yodya. Chulukitsani 40 ndi 97, mupeza 3,880, umenewo ndi mpamba woti ubwerere kokaoda. Chotsani 3,880 pa 4,000, yatsala 120. Ndilo phindu la lero. Mabandulo 10 otsalawo musawawerenge ngati mwaluza, ndi katundu wa mawa.

Nanga mtengo wa 105 uja? Kuti mupeze 120 yomweyo, mufunika kugulitsa mabandulo 15 okha. Makasitomala akachepa kufika pa 25, mwapindulabe, chifukwa mwapeza 200. Koma akathawa n'kutsala 12, mwapeza 96, yocheperapo. Choncho yesani mitengo yonse iwiri, sabata ndi sabata, muzilemba m'kope, kope likuuzeni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ngongole. Mnzanu akatenga bandulo imodzi osalipira, mwataya 97. Pa phindu la 3, mugulitsa mabandulo 33 kuti mungobweza imodziyo. Pafupifupi ntchito ya tsiku lonse! N'chimodzimodzi mukatumiza pa nambala yolakwika. Muzimuuza kasitomala abwereze nambala yake, inu mukuyang'ana pafoni, musanadine.

Madzulo aliwonse werengani mabandulo amene atuluka, muchulukitse ndi mtengo wanu, mufananitse ndi zimene zili m'chikwama. Ngati kope likuti 4,000 koma m'manja muli 3,800, fufuzani 200 imeneyo usiku womwewo mudakali kukumbukira amene anabwera: mwina ndi mabandulo awiri a ngongole, mwina munapereka chenje chopitirira.