Makalata a omvera: Ambuya ndi timalemba ta kuseri kwa paketi

"Moni a pa wailesi. Ndine mayi wa ku Katete. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 3 nsawa zimamuwenga, ndipo adokotala anati asamadyenso. Ine ndimagwira ntchito ku Chipata, mwana amatsala ndi amayi anga, amene sukulu analekezera Giredi 3 ndipo Chingerezi sadziwa. Zogula m'shopu ndi pa kantemba adzazizindikira bwanji? Kodi munthu wamkulu chotere angaphunzire kuwerenga zolembedwa pa mapaketi?"

Zikomo amayi potilembera. Angaphunzire ndithu, ndipo sakufunika kudziwa Chingerezi chonse. Ntchito yawo ndi kuzindikira mawu ochepa ndi kudziwa malo amene mawuwo amabisala. Ndikufotokozereni za ambuya ena a ku Mchini muno mu Chipata, amene anandilola kusimba nkhani yawo popanda kutchula dzina.

Mdzukulu wawo anali ndi zaka 4. Ali wamng'ono, akadya phala la nsinjiro ankatuluka ziwengo kumaso, ndipo kukiliniki anawauza kuti nsawa azipewe. Ambuya anamvera. Nsinjiro anazichotsa m'phala, chibwabwa cha mwana ankachiphika padera chosatendera, chiponde sichinkalowa m'nyumba. Tsiku lina akuchokera kumsika wa Kapata anamugulira mabisiketi okutidwa ndi chokoleti. Pachithunzi cha paketi panali chokoleti chokha, nsawa panalibe. Mwana anadya awiri. Pasanathe mphindi 10 milomo inatupa, thupi lonse linachita zidzolo zoyabwa, anayamba kutsokomola kosalekeza, mawu ake n'kusasa. Mnansi wina anabwera ndi piritoni. Ambuya ataona kuti mwana akukoka mpweya movutika sanadikirenso, anaitana takisi n'kuthamangira kuchipatala. Kumeneko anamubaya jekeseni ya adirenalini pantchafu, n'kumugoneka usiku umenewo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambuyawa anachita chinthu choyenera. Piritoni amachepetsa kuyabwa ndi zidzolo, koma satsegula njira ya mpweya ikatupa. Mwana akasasa mawu, akatupa lilime, akamalira m'chifuwa popuma, kapena akafooka n'kulefuka atangodya chomuwenga, mankhwala ake ndi adirenalini, ndipo amafunika msanga. Amamugonekanso chifukwa mwa ana ena vutoli limabwerera patapita maola angapo, jekeseni itagwira kale ntchito.

M'mawa mwake anesi anafunsa kuti mwana anadya chiyani. Ambuya anati mabisiketi chabe. Anesi anapempha paketi, ndipo mdzukulu wina wamkazi wa Giredi 7 anakaitola kudzala. Anesiwo anaitembenuza, natukula kampendero komatira kumbuyo kuja, n'kuloza mzere wa timalemba tating'ono. Cha kumapeto kwa mzerewo kunali mawu akuti peanut. Ambuya anandiuza kuti chinawapweteka kwambiri n'chakuti chenjezo linali m'manja mwawo ulendo wonse kuchokera ku Kapata, iwo osaliona. Anapempha anesi kuti awalembere mawuwo pakapepala kolimba.

Anesi analemba mawu awiri m'zilembo zazikulu, PEANUT ndi GROUNDNUT, poti onsewa amatanthauza nsawa ndipo opanga zakudya amagwiritsa ntchito lililonse. Ambuya anayamba kupita m'shopu ndi kapepalako, kufanizira chilembo ndi chilembo. Sabata yoyamba sanapeze mawuwo pa paketi iliyonse, mpaka mdzukulu wamkazi uja anaona chifukwa chake. Pa mapaketi ambiri mawuwo amalembedwa m'zilembo zazing'ono, ndipo kwa munthu wosazolowera kuwerenga, PEANUT ndi peanut amaoneka ngati mawu awiri osiyana. Choncho anakonza kapepala kena kokhala ndi mitundu yonse iwiri ya zilembo. Amayi a ku Katete, mukamawalembera amayi anu, yambirani pomwepo, ndipo lembani ndi cholembera chakuda, zilembo zotalikirana.

Kenako ambuya anaona kuti mawu onse awiri akuthera ndi zilembo zitatu zofanana, N, U ndi T, n'kuyamba kusaka zimenezo. Apa panabuka vuto lina. Pafupifupi paketi iliyonse ili ndi kabokosi ka manambala kolembedwa pamwamba kuti Nutrition information, ndipo mawu oyambawo amayamba ndi zilembo zomwezo. Ambuya anayamba kukana chilichonse, ngakhale mkaka ndi buledi. Kabokosi kameneko kamangonena kuchuluka kwa mphamvu, shuga, mafuta ndi mchere m'magalamu 100 a chakudyacho. Sikanena kanthu za nsawa, ndipo pankhani ya ziwengo mukhoza kukadumpha.

Malo ofunika kuyang'ana ndi atatu, ndipo kawirikawiri amakhala moyandikana. Oyamba ndi pamene palembedwa Ingredients, ndiwo mndandanda wa zonse zimene zaikidwamo. Umayamba ndi chochuluka kwambiri n'kumatsika mpaka chochepetsetsa. Pa mabisiketi aja unayamba ndi ufa wa tirigu, kenako shuga ndi mafuta, nsawa zinali cha kumapeto. Izi zimanyenga anthu. Wina amawerenga mawu atatu oyamba, n'kuganiza kuti zotsalazo n'zosafunika poti n'zochepa. Kwa mwana amene zimamuwenga, ngakhale kachibenthu ka nsawa imodzi kakhoza kumudwalitsa, ndiye mzerewo uwerengedwe mpaka kadontho komaliza. Ambuya anazolowera kuyendetsa chikhadabo pansi pa mawu alionse kuti asalumphe.

Pansi pa mndandandawo mapaketi ambiri ali ndi mzere woyamba ndi mawu akuti Contains, nthawi zina m'zilembo zakuda kwambiri. Mzere umenewu umatchula zakudya zodziwika kuti zimawenga anthu zimene zilimo, monga mkaka, mazira, soya, tirigu, nsomba ndi nsawa. Wachitatu umayamba ndi May contain. Tanthauzo lake n'lakuti nsawa sanaikemo dala, koma makina omwewo kapena fakitale yomweyo imapanganso zakudya za nsawa, ndipo tizidutswa tikhoza kulowamo. Anthu ambiri amaupeputsa mzere umenewu chifukwa mwana anadyapo kale osadwala. Ine ndikuti kwa mwana amene anafikapo pobanika, chakudya choterocho chibwezedwe pashelefu, pokhapokha adokotala amene amamuona atanena zina. Paketi ya lero ikhoza kukhala yoyera, ya mawa ayi, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Dziwaninso kuti si opanga onse amene amalemba mzere wachitatuwu, choncho kusowa kwake sikutsimikizira kuti mulibe kanthu.

Kuno kum'mawa katundu amalowa kuchokera mbali zambiri. Wa ku Malawi wodzera pa Mwami amalembedwa m'Chingerezi, koma inu a ku Katete muli pafupi ndi Chanida, ndipo zina za ku Mozambiki zimabwera m'Chipwitikizi. Pakapepala paja onjezanipo amendoim, ndiye nsawa m'chinenero chimenecho. Onjezaninso arachis, mawu amene amapezeka pa mafuta ena ndi mankhwala ena odzola opangidwa ndi mafuta a nsawa. Ambuya a ku Mchini anadziikira lamulo limodzi lothetsa zonse zokayikitsa: paketi imene sangathe kuiwerenga, kaya ndi chinenero chachilendo, kaya malemba afufutika, kaya mwini kantemba wagawa maswiti m'timapulasitiki topanda chizindikiro, sagula. Lamulo la dziko lathu loteteza ogula la m'chaka cha 2010 limafuna kuti katundu wogulitsidwa akhale ndi chizindikiro chosonyeza zimene zilimo, tsiku lopangidwa, tsiku lothera ntchito ndi dzina la wopanga, ndipo bungwe la boma loteteza ogula la CCPC ndilo limalandira madandaulo. Choncho amayi anu akafunsa paketi yaikulu imene maswitiwo achokera, sakuvutitsa munthu.

Maso nawo ankawavuta, poti timalembato ndi tating'ono kwambiri. Anagula magalasi owerengera, ndipo mdzukulu anawaphunzitsa kujambula kuseri kwa paketi ndi foni n'kukulitsa chithunzi ndi zala. Akakayika amatumiza chithunzicho kwa mayi wa mwana asanalipire. Inunso mungachite chimodzimodzi muli kuntchito. Ndipo amawerenga nthawi iliyonse, ngakhale chakudya chimene anagulapo kale, chifukwa opanga amasintha kaphikidwe osasintha chithunzi chakutsogolo. Panapita miyezi ingapo asanasiye kuyang'ana pakapepala. Pano mawu aja amawaona okha, ndipo mnyamatayo, amene tsopano ali kusukulu, amabweretsa paketi kwa ambuya ake asanatsegule.

Kalata yachiwiri yachokera ku Chadiza.

"Ife timalima nsawa za Chalimbana, m'nyumba sizisowa. Mwana wa mlongo wanga zimamutupitsa milomo. Akuluakulu akuti tizimupatsa zokazinga pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere. Kodi n'zoona?"

Abambo, chonde musayese zimenezo kunyumba. Chimene chimawenga mwana ndi mapuloteni a mu nsawa, ndipo moto suwawononga, kaya mwakazinga, mwaphika kapena mwasinja. Komanso kudwala kwa lero sikukuuzani za mawa. Mwana amene anangotupa milomo ulendo woyamba akhoza kubanika ulendo wotsatira, ndipo mudzi ukakhala kutali ndi chipatala nthawi imachepa. N'zoona kuti ana ena vutoli limawathera akamakula, pafupifupi mwana mmodzi mwa 5, koma kuyesa ngati latha kumachitikira kuchipatala, adokotala ali pomwepo ndi jekeseni pafupi.

Kwa inu alimi ngozi yaikulu ili m'zakudya zopanda paketi. Mtondo umene mwasinjira nsinjiro usasinjirenso za mwanayo, mthiko wotakasira ndiwo zotendera usalowe mumphika wake, ndipo chikanda cha pamsika asadye poti chimapangidwa ndi nsinjiro. Mafuta a nsawa oyengedwa pamudzi nawonso apewedwe. Mukapita naye kukiliniki ya ana, nenani za vutoli asanamupatse chiponde cha ana onyentchera, chifukwa nacho n'cha nsawa. Koma ana ena onse a m'nyumbamo amene siziwawenga apitirize kudya phala la nsinjiro, ndi chakudya chabwino chomanga thupi, musawamane chifukwa cha mantha.

Zikachitika kuti wadya mwangozi ndipo wayamba kusasa mawu kapena kupuma movutika, musamuyendetse pansi kapena kumuimiritsa. Mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba pang'ono, kapena mukhazikeni tsonga ngati kugona kukumubanikitsa, n'kumunyamula kupita kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. Mukafika nenani pakhomo pomwe kuti wadya nsawa ndipo zimamuwenga, kuti asakuikeni pamzere.