Alamu, musanapite ku Limbe kukagula galimoto ija

Alamu, mwadzuka bwanji kumeneko ku Chitakale? Uthenga wanu ndaumva, mukuti mwasonkhanitsa K10 miliyoni ndipo mwaona Vitz yolembedwa K10 miliyoni pagalasi. Imeneyo isiyeni. Munthu wa K10 miliyoni amayang'ana galimoto ya K8 miliyoni, ziwirizo n'kuzisiya kubanki, chifukwa zili kale ndi eni ake. Ndikuuzeni mmene zimathera.

Yoyamba kutuluka ndi ya makaniko. Mutenge wanu, wa kwanuko, mumulipirire thiransipoti ndi tsiku lake. Wa pamalo ogulitsirapo ayi, ameneyo amadya ndi wogulitsa. Makanikoyo akalize injini ikadali yozizira, aone utsi, alowe pansi aone ngati oyilo akudontha, kenako alembe papepala zonse zofunika kusintha pamodzi ndi mitengo yake. Pepala limenelo ndi lomwe munenerere nalo mtengo.

Kenako mapepala. Dzina la pa bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsaniyo, ndipo nambala ya chasisi ya papepala ifanane ndi ya pagalimoto. Kusintha umwini ku Road Traffic kumalipiridwa, ndipo muwerengerenso ulendo wa ku Blantyre, mwina kangapo, paja netiweki ikavuta mumabwerera chimanjamanja. Ngati ndi yongolowa kumene kuchokera ku Japan, ilibe nambala, funsani mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Akayamba zoti tidzakutumizirani mawa, nyamukani. Pamwamba pake pali inshuwalansi, ngakhale yotsikitsitsa ija yolipira amene mwamugunda, ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Popanda ziwirizi apolisi a pamsewu wa Midima mudziwana nawo msanga.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amalira: matayala. Galimoto zambiri za ku Japan zimabwera ndi matayala ooneka bwino koma okalamba, ena ndi opangidwira msewu wa chipale. Yang'anani m'mbali mwa tayala, muona manambala anayi ali pamodzi. Akakhala 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mphira umauma n'kuyamba ming'alu, ngakhale mizere ikuonekabe. Ndi mvula yathu ino, ndi chiperoni chija cha pa Bvumbwe, tayala lotere silimagwira msewu mukaponda buleki. Ndiye werengerani matayala anayi atsopano mpaka makaniko atanena kuti alipowo ndi abwino. Sipeya, jeki ndi sipanala muzione ndi maso anu, zimakonda kusowa.

Sevisi yoyamba muchite sabata yomweyo, musakhulupirire zoti yangochitidwa kumene. Oyilo, mafyuluta, mapulagi, mabuleki. Batire nalonso limakonda kufa mwezi woyamba. Ndipo popeza kwanu kumudzi n'kolowera msewu wafumbi wa m'minda ya tiyi, mashoko ndi mabushi a kagalimoto kotsika ngati Vitz sachedwa kulira. Zija K2 miliyoni mukuona pamene zapita?

Chatsala ndi cha mwezi ndi mwezi, ndipo ichi muwerengere m'malita, osati m'makwacha, chifukwa MERA ikasintha mtengo masamu a makwacha amafa. Tiyeni tiwerenge limodzi. Kuchoka pa boma la Mulanje kufika mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 70, kupita ndi kubwera 140. Tinene kuti galimoto yanu ikuyenda makilomita 14 pa lita imodzi. Ulendo umodzi ndi malita 10. Mukamapita Loweruka lililonse, ndi malita 40 pamwezi. Onjezani za kuntchito, kutchalitchi, kumaliro, ndi abale ofuna kuwaperekeza kuchipatala usiku, amenewo sathira mafuta, ikani malita 20. Zakwana 60. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero pa pampu.

Pamayendedwe amenewo mukhala mukuyenda makilomita oposa 800 pamwezi, ndiye sevisi ya makilomita 5,000 izikupezani kawiri pachaka. Tengani mtengo wa masevisi awiriwo, inshuwalansi ya chaka ndi COF, muphatikize, mugawe ndi 12, muwonjezere pa ndalama ya petulo ija. Ikadutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu, kwa ine galimotoyo yakulemerani, pezani yaing'ono kapena dikirani kaye. Ngati pali ngongole ya kubanki kapena ya banki m'khonde, yobweza pamwezi ilowenso momwemo.

China, masipeya amayendera dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mashopu a masipeya inakwera nthawi yomweyo. Choncho sankhani mtundu umene masipeya ake ali mbwee ku Limbe, umene makaniko wa pa Luchenza kapena pa Chonde amaudziwa. Lachisanu muimbire makanikoyo, ndipo munditumizire chithunzi cha bulubuku musanapereke ngakhale ya chikole.