Chithunzi chimodzi pa silaidi: uthenga kwa alangizi omwe akukonzekera maphunziro a mbozi

Muli bwanji alangizi anzanga nonse? Ndati ndilankhule ndi mawu chifukwa zolembalemba zikanatalika. Nkhani yake ndi ya masilaidi omwe mukukonza a maphunziro a alimi otsogolera, aja a ntchemberezandonda. Ndaona omwe ena mwatumiza kale. Mawu ali bwino ndithu, koma zithunzi ndiye tikonzeko. Mvetserani mpaka kumapeto, ndipo ngati laputopu ili pafupi itseguleni tiziyendera limodzi.

Musayambe ndi kusaka chithunzi. Yambani ndi kulemba pamwamba pa silaidi chiganizo chimodzi chathunthu, chonena zomwe mukufuna mlimi akakumbukire akafika kumunda. Kungolemba kuti "Mbozi" sikokwanira ayi, chifukwa pamutu wotero chithunzi chilichonse chikhoza kulowa. Lembani kuti "Mboziyi imabisala m'nsonga ya chimanga, momwe masamba atsopano amatulukira." Mukatero chiganizocho chakuuzani kale chithunzi chofunika: nsonga ya chimanga yojambulidwa chapamwamba, masamba atakanulidwa pang'ono ndi zala, mbozi ikuoneka mkatimo pamodzi ndi ndowe zake zija zooneka ngati utuchi. Chimenecho basi. Chikulitseni chitenge theka la silaidi kapena kuposa, mawu akhale ochepa pambali.

Tsono pa silaidi ina yomwe ndaona, yonena zomwezi, pali zithunzi zinayi: munda wobiriwira bwino, mayi akumwetulira atanyamula dengu la chimanga, kachithunzi kojambula pamanja ka dzuwa likutuluka, kenako mbozi ija pakona, yaing'ono kwambiri. Taganizani za bambo yemwe wakhala kumbuyo kwa kalasi. Maso a munthu amathamangira nkhope ya munthu mnzake, ndiye iye ayamba kuyang'ana mayi uja, mwina kufunsa mnzake kuti kodi ameneyu si wa kwathu? Pomwe maso ake azifika pa mbozi, inu mwapita kale pa silaidi yotsatira. Zithunzi zitatu zija sizinaname chilichonse, koma zalanda malo ndi nthawi ya chithunzi chomwe chimayenera kuphunzitsa. Zinthu izi zimandikhudza, chifukwa mlimi ameneyu akapita kukaphunzitsa anzake ambiri, ndipo chomwe sanachione bwino sangakachifotokoze.

Njira yodziwira ngati chithunzi chili chokongoletsa chabe ndi yosavuta. Chiphimbeni ndi dzanja pa sikirini, muwerenge mawu otsalawo. Ngati palibe chomwe chasowa, chichotseni. Kenako tembenuzani: phimbani mawu, muitane mnzanu wa mu ofesi yemwe sanaione silaidiyo, mumufunse kuti chithunzichi chikunena chiyani. Akayankha kuti "ulimi" kapena "chimanga", chithunzicho sichinagwire ntchito. Akayankha kuti "mbozi yalowa m'nsonga", mwapeza.

Pali silaidi imodzi yomwe ndikufuna muisamale koposa, ya kusiyanitsa ntchemberezandonda ndi kapuchi. Zizindikiro za ntchemberezandonda ndi ziwiri. Pamutu pa mboziyi pali mzere wooneka ngati chilembo Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tomwe taima m'makona anayi. Mbozi yokhwima imatalika masentimita 3 mpaka 4 okha, choncho mukaijambula yonse muli patali, zizindikirozi sizioneka. Pangani masilaidi awiri. Yoyamba ikhale ya mutu wokha, mutaukulitsa, muike muvi umodzi woloza pa Y paja. Yachiwiri ikhale ya kumchira, muzunguze timadontho tija ndi mzere umodzi wofiira kapena woyera. Masilaidi sagulidwa, musaope kuwonjezera ina. Malo okha omwe ndingalole zithunzi ziwiri kukhala pamodzi ndi pomwe mfundo yanu ili kufananiza kwenikweniko, monga ntchemberezandonda kumanzere, kapuchi kumanja. Pamenepo zikhale zazikulu mofanana, zojambulidwa kuchokera mbali yofanana, dzina pansi pa chilichonse.

Nanga zithunzizo muzitenga kuti? Ine ndikuti jambulani nokha m'minda ya kwanuko. Za pa intaneti zambiri ndi za minda ikuluikulu ya kunja, yolimidwa ndi makina, ndipo mlimi wa ku Dedza kapena ku Balaka akaziona amangoti izi si za kuno. Zina zimabwera ndi dzina la kampani litalembedwa chopingasa pakati, kusonyeza kuti zili ndi mwini wake yemwe amazigulitsa. Zoterozo zisiyeni. Pitani m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, pukutani galasi la kamera ndi nsalu, muyandikire ndi foniyo m'malo mokoka chithunzi ndi zala pa sikirini, chifukwa kukokako kumachititsa kuti chioneke mwachimbuuzi. Dinani pa mbozi pa sikirinipo kuti kamera igwire pamenepo. Ikani kamtengo ka machesi pambali kuti anthu aone kukula kwake. Jambulani zingapo, koma pa silaidi mukaike chimodzi. Ndipo ngati nkhope ya munthu ikuoneka, mupempheni kaye, mumuuze komwe chithunzicho chikaonetsedwe.

Potumizirana, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa masiku onse. Pa foni chimaoneka bwinobwino, koma pakhoma timadontho tija timasowa. Tumizani posankha Document, kapena gwiritsani ntchito chingwe kuchoka pa foni kupita pa laputopu. Mu PowerPoint, lowetsani chithunzi kudzera pa Insert, kenako Pictures. Mukachidina, pezani Crop mudule udzu, nsapato zanu ndi china chilichonse chosakhudza mfundo. Pochikulitsa, kokani pakona, osati m'mbali, kuopa kuti mbozi ingaoneke yonenepa kapena yowonda kusiyana ndi mmene ilili. Musalembenso mawu pamwamba pa masamba a chimanga m'chithunzimo, sawerengeka.

Mwina wina afunsa kuti nanga silaidi ya masiku oyendera munda, kapena ya malangizo a kasungidwe ka mankhwala, ndiikepo chithunzi chanji? Ngati palibe choti maso aone, isiyeni yopanda chithunzi. Mawu akuluakulu pamalo oyera akwanira. Malo otsala pa silaidi sayenera kudzazidwa ndi maluwa, manja akupatsana moni kapena kababu koyaka. Chizindikiro cha bungwe nachonso chikhale pa silaidi yoyamba ndi yomaliza, pokhapokha ngati malamulo a kuntchito kwanu akunena zina. Ndipo nthawi yomwe mukufuna anthu ayang'ane inu, monga mukatulutsa phesi lenileni la chimanga lomwe mwabwera nalo, dinani B pa kiyibodi masilaidi akuonetsedwa. Sikirini ida, ndipo mukadinanso chithunzi chibwerera.

Tsiku lisanafike, yesani pa pulojekita yeniyeniyo, m'chipinda chomwecho, masana. Makalasi athu ambiri alibe makatani, ndipo kuwala kukalowa, mbozi yobiriwirako pa tsamba lobiriwira imazimiririka. Mukaona choncho, jambulaninso mboziyo mutaiika pa pepala loyera. Kenako pitani mukaime pampando wa kumbuyo kwenikweni muyang'ane. Ngati muli pamenepo simukutha kuwerenga timadontho tinayi tija, bwererani pa laputopu mudule chithunzicho moyandikira. Mukakonza, nditumizireni pofika Lachisanu kuti tidzaunikire limodzi. Zikomo, tsalani bwino.