Imelo ya zithunzi ikaumitsa Outlook: uthenga wa mawu kwa anzathu a mu ofesi

Eya, mwaswera bwanji nonse. Ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni zala zingathe. Nkhani ndi ya imelo ija ya lipoti la kumunda, ija yadzaza zithunzi. Anthu atatu mwandiimbira kale lero, nonse mawu ake amodzi: ndangoidina basi, Outlook yauma, pamwamba palembedwa Not Responding. Ndiye mvetserani, ndipo amene simunaidine musaidine kaye. Musaidine. Ndikubwereza dala.

Choyamba, ayi, ndiyambe ndi chifukwa chake, apo ayi muziona ngati ndikukuvutitsani chabe. Mukadina uthenga kamodzi, inu mumati mwangousankha, simunautsegule. Koma mbali ija ya kumanja, ija imaonetsa zam'kati mwa uthenga, dzina lake pa sikirini ndi Reading Pane, imeneyo imautsegula nthawi yomweyo. Ndiye kudina kamodzi ndi kutsegula ndi chimodzimodzi bola mbali imeneyo ili yoyaka. Tsono uthenga uja ndauona, uli ndi zithunzi 8, ndipo mnzathu wotumizayo sanaziike ngati mafayilo omata pambali, anaziponya m'kati mwenimweni mwa uthenga, pakati pa mawu. Chithunzi chilichonse ndi cha pa foni, cha 2 MB kapena kuposa pang'ono. Kuwonkhetsa ndi 16 MB. Koma imelo ikamanyamula chithunzi imachitupitsa, pa magawo atatu alionse imawonjeza limodzi, ndiye uthenga wonse wafika cha m'ma 22 MB.

Wina anena kuti aa, 22 MB ndi chiyani, kavidiyo ka pa foni kamaposa pamenepo. Zoona. Koma 2 MB ija ndi chithunzi chili chopinda, ngati chitenje chili m'chikwama. Kuti chioneke pa sikirini kompyuta iyenera kuchitambasula. Chithunzi cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi ndi timadontho 12 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamadya mabayiti anayi, ndiye chimodzi chokha chikatambasuka chitha kufika 48 MB mu memoli. Chulukitsani ka 8, mwayandikira 400 MB. Pa malaputopu athu aja a 4 GB, muli mutatsegula kale zinthu zina khumi. Ndiye pulogalamu sinafe ayi, yangolemedwa. Nthawi zina mukaisiya mphindi ziwiri zitatu imadzuka yokha. Ndiye poyamba dikirani. Musamenye mausi, kudina kulikonse kukungowonjezera mzere.

Chabwino. Mwadikira, sikudzuka. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ituluka Task Manager, pezani Outlook, End task. Izi mukuzidziwa. Ngati munali pakati polemba uthenga wina, mwina mawu omalizira atayika, pepani.

Tsopano apa ndi pamene ine ndinagwa, chaka chatha, ndi uthenga wina wonga womwewu. Ndinatseka bwinobwino, ndinatsegulanso, n'kunena kuti ndingoufufuta. Kuti ndiufufute ndinatani? Ndinaudina. Yauma. Ndinatsekanso, kutsegulanso, kuudinanso mwachangu ngati ndiuposa liwiro. Yauma. Katatu konse, ine munthu wamkulu, amene mumanditcha wa makompyuta. Ndiye musatsegule Outlook mwa masiku onse. Muitsegule mbali ya kumanja ija ili yozima kale. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, katuluka kabokosi kakang'ono ka Run, mulembe izi, ndazilembanso pansi pa uthengawu:

```
outlook.exe /nopreview
```

Pakati pa exe ndi kamzere kopendekera pali mpata. Mpata umodzi. Mukaphatikiza ikuuzani kuti sikupeza chinthu chotero. Ndipo kamzereko ndi kaja kali pa batani limodzi ndi chizindikiro cha funso, osati kopendekera kumbuyo. Amayi a ku akaunti, ndikudziwa mufunsa, ndi komwe kaja timalembera madeti.

Aa, ndaiwala. Bwererani pang'ono. Musanalembe zimenezo yang'ananinso mu Task Manager kuti Outlook yachokadi. Nthawi zina zenera latsekeka koma iyo ikadali m'munsi pa mndandanda, ikugwirabe ntchito mobisala. Mukalemba lamulo lija iyo ilipobe, mudabwa kuti palibe chasintha. Ndiye onetsetsani kuti yachoka, kenako Run.

Ikakana njira imeneyo pali ina, mugwire Ctrl osasiya uku mukudina chizindikiro cha Outlook, ikufunsani ngati mukufuna safe mode, muvomere. Kapena mu kabokosi komwe kaja:

```
outlook.exe /safe
```

Koma yambani ndi yoyamba ija.

Yatseguka. Mndandanda wa mauthenga watambalala sikirini yonse, kumanja kulibe kanthu. Musathamangire uthenga uja. Pitani kaye pamwamba, View, kenako Reading Pane. Muona Right, Bottom, Off. Sankhani Off. Mukuti bwanji poti yazima kale? Musadalire lamulo lija kuti likusungirani mpaka mawa, zimitsani ndi dzanja lanu kuti mudziwe pamene mwaima.

Ndipo chonde, Reading Pane, osati Message Preview. Pa View pomwepo pali kena kolembedwa Message Preview, kali ndi Off yakenso. Kameneko ndi ka timizere tija timaoneka pansi pa mutu wa uthenga pa mndandanda, mawu okhaokha, sikakhudzana ndi zithunzi. Achimwene ena, sinditchula dzina, mukudziwa amene amakhala pafupi ndi zenera, ndinawauza pa foni kuti zimitsani, iwo anazimitsa Message Preview, n'kudina uthenga, yauma, n'kundiimbira mokalipa kuti njira zako sizigwira. Komanso Bottom si kuzimitsa. Kusamutsira mbaliyo pansi, kapena kuikoka kuti ichepe ngati kampata ka chitseko, uthenga ukutsegukabe wonse. Off basi.

Tsopano mvetserani, apa ndiye ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinagwa kachiwiri tsiku lomwe lija. Kuzimitsa kumeneku ndi kwa foda imene mulimo yokha. Mwazimitsa mu Inbox, ndi Inbox yokha. Ine ndinazimitsa mu Inbox, ndinaudina uthenga, sinaume, ndinasangalala, ndinaufufuta. Kenako abwana akuti kodi zithunzi zija zili kuti, tikuzifuna. Ndinapita mu Deleted Items kukautenga. Kumeneko mbali ya kumanja inali yoyaka monga kale. Kudina, yauma. Kuyambiranso pa Task Manager, abwana ataima kumbuyo kwanga. Ndiye foda iliyonse ili ndi makonzedwe akeake. Mukasamutsira uthengawo kwina, kaya Deleted Items, kaya foda yanu ya malipoti, zimitsaninso kumeneko musanaukhudze. Mukafuna zonse nthawi imodzi, View, Change View, kenako Apply Current View to Other Mail Folders, muchonge mafoda amene mukufuna. Kungoti imeneyi imakopera maonekedwe onse a foda, ngakhale kasanjidwe ka mauthenga, ndiye amene munakonza mafoda anu mwa mtundu wanu muganize kaye.

Ndabwereza mokwanira? Foda iliyonse payokha. Chabwino.

Nanga zithunzizo muziona bwanji, poti lipotilo likufunika? Mbali ija ili yozima, dinani uthengawo kamodzi. Kamodzi, osati kawiri, kawiri ndiye mwautsegula m'zenera lake ndipo tabwerera pomwe tinayambira. Ukangodetsedwa pa mndandanda, pitani File, Save As, pa mtundu wa fayilo musankhe HTML, musunge pa Desktop. Itenga kanthawi, ipatseni mpata. Pambali pa fayiloyo patuluka foda ya dzina lomwelo lothera ndi files, m'menemo muli zithunzi zija, image001, image002, choncho. Muzitsegula chimodzichimodzi, kompyuta osamva kulemera. Njira ina ndi kulowa imelo yanu pa burawuza kapena pa foni, kumeneko nthawi zambiri umatseguka, koma pa foni kumbukirani kuti 22 MB ikuchoka pa bandulo yanu.

Pali funso lina anandifunsa mlongo wathu wa pa risepushoni, funso labwino. Akuti kodi si paja Outlook imatchinga zithunzi yokha? Eya, imatchinga, koma zina. Mu File, Options, Trust Center, Trust Center Settings, Automatic Download, muli kabokosi koletsa kukoka zithunzi. Kameneko kamagwira zithunzi zimene zili kwina pa intaneti, uthenga ukungoloza kumeneko, monga makalata aja otsatsa malonda. Chongani ndithu, chifukwa mauthenga amenewonso amatha kuumitsa netiweki ikamakoka mwendo. Koma zithunzi za mnzathuyu zili m'mimba mwa uthenga, zinabwera nawo limodzi, palibe choti zikokedwe. Ndiye kabokosi kameneko sikakuthandizani pa uthenga uwu. Chimene chingathandize ndi cha pa Email Security, pomwepo mu Trust Center, cholembedwa Read all standard mail in plain text. Mukachonga, uthenga uliwonse umatseguka mawu okhaokha. Chimagwira, koma ine sindichikonda kuchisiya choyaka, matebulo onse amaphwasuka, a ku akaunti mungandithamangitse. Chongani, werengani uthenga wovutawo, chotsani.

Mukathana nawo, mbali ija mutha kuiyatsanso, View, Reading Pane, Right. Sindikuti muzikhala opanda. Kungoti muziona kukula kwa uthenga musanaudine. Mu bokosi lofufuzira pamwamba lembani:

```
messagesize:>5 MB
```

ikuonetsani akuluakulu onse, koma chitani zimenezi mbali ija ili yozima, mwamva. Kapena ikani danga la Size pa mndandanda kuti nambala izioneka pambali pa uthenga uliwonse. Pa laputopu ya 4 GB, ine ndikaona uthenga wadutsa 10 MB ndimazimitsa kaye.

Ndipo musaupititse kwa ena. Forward ayi. Wina m'mawa uno wautumiza kwa anthu asanu ndi mmodzi kuwafunsa ngati kwa iwo ukutseguka, ndi chifukwa chake foni yanga sikupuma. Reply nayenso samalani, chifukwa zithunzi zili m'kati mwa mawu, mukayankha zimatsatira yankho lanu, mosiyana ndi mafayilo omata pambali amene amatsala. Mukafuna kumuyankha mnzathuyo yambani uthenga watsopano.

Inuyo achimwene otumiza, sitikukudzudzulani, zithunzi zake n'zabwino, mbewu zikuoneka bwino. Kungoti kukokera chithunzi pa kona kuti chioneke chaching'ono mu uthenga sikuchichepetsa, kulemera kwake kumakhala komweko. Ndibwera pa desiki panu ikatha nkhomaliro ndikuonetseni kuchepetsa musanatumize. Amene zakanikabe, siyani laputopu yoyaka, musaizimitse pa batani, ndikudutsa cha m'ma 2 koloko.