Aneni a Chingerezi okana -ed: kudzaza tebulo la madanga atatu

Zikomo amfumu, zikomo a komiti ya sukulu, makolo nonse, ndi inu ana amene mwakhala kutsogolo kuno. Amene muli kumbuyo sunthirani pafupi kuti muziona bwino pa bolodi, chifukwa za lerozi zikufuna maso ndi makutu omwe.

Ana a Sitandade 8 ndi a kusekondale amabwera kunyumba ndi kope lokhala ndi tebulo la madanga atatu, mipata ina ili yosalemba. Pamwamba pa danga loyamba pamalembedwa *base form*, lachiwiri *past simple*, lachitatu *past participle*. Aneni ambiri a Chingerezi savuta. Mukafuna kunena za dzulo mumangowonjezera *-ed* kumapeto: *cook, cooked, cooked*. Koma alipo ena, pafupifupi 200, amene amakana *-ed* ameneyu, ndipo tsoka lake ndi omwe timawagwiritsa ntchito kwambiri: kudya, kumwa, kupita, kugula, kulemba.

Mwana asanalowezeko kanthu, adziwe ntchito ya danga lililonse. Ndalemba ziganizo zitatu zoyesera apa, ndipo makolo mutha kuzikopera. Mawu a m'danga loyamba ayenera kukwana pa *I want to*. A m'danga lachiwiri akwane pa *Yesterday I*. A m'danga lachitatu akwane pa *I have*. Titenge kudya: *I want to eat, yesterday I ate, I have eaten*. Mawu a m'danga lachitatu sayenda okha ayi, amafuna mneni wothandizira kutsogolo kwawo, monga *have, has, had*, kapenanso *was* ndi *were* ngati tikunena chimene chinachitidwa, monga *the maize was eaten*. Mwana akalemba *I eaten* kapena *I have ate*, mawuwo akuwadziwa ndithu, chamusokoneza ndi madanga. Ameneyo musamuuze kuti aloweze kwambiri, m'bwezereni ku ziganizo zitatu zija.

Mabuku ambiri amaika aneniwa motsata alifabeti: *arise, awake, be, bear, beat*. Ndandanda wotere ndi wabwino pofufuza mawu amodzi, koma poloweza ine sindiukonda. Mwana amatopa asanamalize a *b*, chifukwa mneni aliyense akusintha mwa njira yakeyake, wosafanana ndi wa pamwamba pake. Aneniwa ali ndi mabanja, ndipo a banja limodzi amamveka mofanana. Mukawaika pamodzi, khutu limathandiza mutu.

Banja loyamba ndi ili. Nenani pambuyo panga: *sing, sang, sung*. *Ring, rang, rung*. *Drink, drank, drunk*. *Swim, swam, swum*. *Begin, began, begun*. Mwamva? Chikusintha ndi lembo la liwu lokha la pakati: i, kenako a, kenako u. Zina zonse zili pomwepo.

Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ana athu amataya malikisi osadziwa chifukwa chake. M'Chichewa tili ndi maliwu asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi chili nawo opitirira khumi. Liwu la mu *drank* ndi la mu *drunk* kwa eni chinenero ndi maliwu awiri osiyana, koma khutu lathu limawamva onse ngati a. Tonse timati "dranki, dranki". Ndiye mwana amaimba bwinobwino m'kalasi, aphunzitsi n'kukhutira, koma pa mayeso n'kulemba *I have drank* kapena *the lesson begun*. Pakamwa sipanamuchenjeze chifukwa kwa iye mawuwo ndi amodzi. Pa banja limeneli kuimba kokha sikokwanira. Alembe, ndipo pansi pa i, a ndi u ajambule kamzere. Potchula, pa *drank* atambasule milomo ngati liwulo likupendekera kwa e, pa *drunk* asiye milomo ili phee, liwu likhale lalifupi. Inu makolo, ngakhale katchulidweko kakuvuteni, mutha kuyang'ana m'kope: danga lapakati likhale ndi a, lomaliza likhale ndi u.

(Mayi wina anafunsa: "Aphunzitsi, ndiye kuti mawu aliwonse othera ndi *-ing* kapena *-ink* amatero?")

Mwafunsa bwino, mayi, ndipo yankho ndi lakuti ayi. Mwana wochenjera akagwira kamvekedwe kaja amafuna kukaika paliponse, n'kulemba *bring, brang, brung*. Mawu amenewo pa mayeso ndi olakwa. *Bring* amafanana ndi *sing* m'danga loyamba lokha, koma kwawo ndi kwina. Chimodzimodzi *think*, amene amamveka ngati m'bale wake wa *drink* koma si m'bale wake. N'chifukwa chake banja la mneni timalidziwira ku danga lachiwiri ndi lachitatu, osati loyamba.

Kwawo kwa *bring* ndi *think* ndi uku: *bring, brought, brought*. *Think, thought, thought*. *Buy, bought, bought*. *Fight, fought, fought*. *Teach, taught, taught*. *Catch, caught, caught*. Taonani m'danga loyamba, sakufanana n'komwe, koma onse akukathera pa liwu limodzi, ndipo danga lachiwiri ndi lachitatu n'chimodzimodzi. Ntchito yachepa. Chovuta ndi kalembedwe, chifukwa *gh* satchulidwa, komanso ena amalembedwa *ought* ena *aught* pamene kamvekedwe n'kofanana. Nayi njira yake: yang'anani m'danga loyamba. *Teach* ali ndi a, *catch* ali ndi a, ndiye a ameneyo amapita naye: *taught, caught*. Enawo alibe a, choncho amatenga *ought*. Samalaninso ndi *bought* ndi *brought*, kugula ndi kubweretsa, amene akusiyana ndi r yekha. *Bring* ali ndi r ndipo amamusunga, *buy* alibe ndipo sakamubwereka.

Poti tatchula r, tipite ku banja lina kumene r ndi l amatipunthwitsa. *Grow, grew, grown*. *Know, knew, known*. *Throw, threw, thrown*. *Blow, blew, blown*. Nayenso *fly, flew, flown* amalowa momwemu. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, wina anene "lero" wina "relo" timamvana. Ku Chingerezi si choncho. *Fly* ndi kuuluka, *fry* ndi kukazinga, ndipo *fry* ndi mneni womvera lamulo: *fry, fried, fried*. Mwana akalemba *frew*, wasakaniza aneni awiri, ndipo chofunika kukonza ndi lembo limodzi lokhalo, osati banja lonse. Msampha wina pano ndi *show*, amene pakati amatenga *-ed* koma kumapeto n'kubwerera kubanja: *show, showed, shown*.

Pali ena osavuta, sindichedwapo. *Cut, put, hit, let, shut, cost, hurt* sasintha m'madanga onse atatu. Onse ndi aafupi, a phatikizo limodzi, othera ndi t. Kungoti *sit* akukana, iye ndi *sit, sat, sat*. Ndipo *read* amalembedwa chimodzimodzi katatu konse koma kamvekedwe kamasintha: "riidi", kenako "redi, redi".

Chimene chimathandiza kwambiri pa danga lachitatu ndi kufunsa kuti mawuwo achokera kuti. Mvetserani awa: *speak, spoke, spoken*, *break, broke, broken*, *steal, stole, stolen*, *choose, chose, chosen*. Danga lachitatu langotenga lachiwiri n'kuwonjezera n. Tsopano mvetserani awa: *write, wrote, written*, *drive, drove, driven*, *ride, rode, ridden*. Pakati pali o yemweyo, koma danga lachitatu lamutaya o n'kubwerera kwa i wa m'danga loyamba, kungoti i wake wafupika, salinso "ai". Kufupikako n'kumene kwachititsa kuti t abwerezedwe mu *written* ndi d mu *ridden*. Mwana wolemba *wroten* watengera banja la *spoken*. Wolemba *writen* banja walipeza, wangoiwala t wachiwiri. Zolakwa ziwirizi si zofanana, ndipo wachiwiriyu watsala pang'ono kufika.

Tiyeni tsopano tidzaze limodzi mizere inayi ili pa bolodiyi, monga mmene imabwerera pa mayeso. Samakupatsani danga loyamba nthawi zonse ayi.

Mzere woyamba atipatsa danga lomaliza lokha: *begun*. Tikuona u, ndiye tikumbuke i, a, u n'kuyenda chobwerera: *began* pakati, *begin* koyamba. Tiyese: *Yesterday I began*. Zakwana.

Mzere wachiwiri atipatsa pakati: *brought*. Danga lachitatu tingokopera, chifukwa m'banja limeneli awiriwa sasiyana. Kwatsala loyamba. Muli r? Alimo. Ndiye ndi *bring*, osati *buy*.

Mzere wachitatu atipatsa *fell* pakati, wachinayi atipatsa *felt*. Iwiri imeneyi ndayiika moyandikana dala, chifukwa ana ambiri amalemba *feel* pa yonse iwiri. *Felt* ndi wa *feel*, kumva m'thupi kapena mumtima, ndipo abale ake ndi *keep, kept, kept*, *sleep, slept, slept*, *sweep, swept, swept*. Liwu lalitali la "ii" limafupika kukhala e, kumapeto n'kubwera t. Choncho mzere wachinayi ndi *feel, felt, felt*. *Fell* alibe t, ndiye si wa kumeneko. Iye ndi wa kugwa: *fall, fell, fallen*. Mwana akalemba *I felt down* pofuna kunena kuti anagwa, kapena *I fell happy* pofuna kunena kuti anakondwa, muikireni mizere iwiriyi pamodzi, aitchule mosinthanasinthana mpaka t uja amveke.

Pali ochepa opanda banja, monga *go, went, gone*. *Went* uyu kalekale anali wa mneni wina, *wend*, n'chifukwa chake safanana ndi anzake. Otere angolowezedwa paokha, pamodzi ndi *be, was* kapena *were, been*, ndi *do, did, done*. Ndipo *did* akangolowa m'chiganizo, mneni wotsatira amabwerera ku danga loyamba: *Did you go*, osati *Did you went*, chifukwa za nthawi yakale wazinena kale *did* uja.

Kunyumba muzichita motere. Banja limodzi pa tsiku, aneni asanu kapena asanu ndi mmodzi, osapitirira. Mwana alembe tebulo lodzaza, kenako inu muphimbe madanga awiri ndi pepala, iye adzaze pa pepala lina. Mawa lake muphimbe ena, kusiya lapakati kapena lomaliza. Pakatha mlungu musakanize mabanja onse, chifukwa pa mayeso sabwera atakhala pachibale. Mukamangowafunsa motsatana, mwana amayankha ndi nyimbo, *sing* akangotha akudziwa kuti kukubwera *ring*, inu n'kumati wadziwa. Mukasakaniza m'pamene mumaona mneni amene sanakhazikike, ndipo ameneyo abwerere ku banja lake tsiku lotsatira.

Ana, tulutsani makope. Ndifufuta danga loyamba ndi lachitatu pa mizere yonseyi, mudzaze nokha, makolo akhale pambali panu akuyang'ana a ndi u, ndi r uja.