Ndalama yotchulidwa pafoni si ndalama ya kileimu: kulemba chidule cha foni ya inshuwalansi

Takulandirani nonse! Lero tili ndi inu a mumaofesi a inshuwalansi ndi mabuloka amene mumapatsidwa foni yojambulidwa n'kuuzidwa kuti "mulembe mwachidule". Musachoke, chifukwa pa nambala 3 pali bodza limene limandikwiyitsa kwambiri.

Tipeke chitsanzo. Bambo wina waimba Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, galimoto yake yagundidwa kumbuyo mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre. Foni yatenga mphindi 14.

Choyamba, mverani yonse osagwira cholembera. Anthu amadzikonza okha chakumapeto. Ulendo wachiwiri ndiye lembani dzina, nambala ya inshuwalansi, nambala ya galimoto, malo ndi amene ankayendetsa. Zimenezi mukuzidziwa, tidutse.

Chachiwiri, madeti. Bamboyu akuti ngozi inachitika "Lachisanu lapitali". Mukalemba choncho, wodzawerenga mwezi wamawa asochera. Lembani kuti 7 Malichi 2025, n'kuwonjezera kuti detili mwaliwerengera nokha kuchokera pa tsiku la foni. Madeti akhale atatu osiyana: la ngozi, limene anakanena kupolisi, ndi limene kampani yauzidwa. Mapangano ambiri amaika malire a masiku odziwitsira kampani za ngozi, ndiye deti lachitatuli likasokonekera, munthu wosalakwa aoneka ngati anachedwa.

Musanaiwale, dinani kabelu ako, sabata yamawa tikambe za makileimu a moto.

Tsopano chachitatu, khalani bwino. Anthu amati ndalama imene kasitomala watchula pafoni ndiye imene akupempha. Ayi ndithu! Tamverani mmene manambala akutulukira m'foni imodzi yomweyi. Pa mphindi 3, bamboyu akuti makaniko wake atangoyang'ana anati zikwana mamiliyoni awiri. Kumeneko n'kungoganizira, palibe pepala. Pa mphindi 8 wapeza kotesheni ya ku galaja, akuwerenga K1,650,000. Pa mphindi 10 wakumbukira kuti analipira K150,000 yokokera galimoto, lisiti ali nalo. Pa mphindi 12 kalaliki wa kampani akumuuza kuti pa pangano lake pali ekisesi ya K200,000, ndalama imene mwini galimoto amasenza yekha.

Manambala anayi amenewo, nanga kileimu, ndalama imene akupempha kukampani, ndi zingati? Wothamanga alemba K2,000,000 chifukwa ndiyo anayamba kumva. Wina aphatikiza zonse. Wina, wodziyesa wakhama, achotseratu ekisesi n'kulemba kuti kasitomala alandira K1,600,000. Uyu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa walonjeza chimene palibe ananena m'fonimo. Asesa, woyeza kukula kwa zowonongeka, sanaione n'komwe galimotoyo, angathe kutsitsa kotesheni, ndipo sitinaone ngati panganolo limalipira zokokera. Tsiku lolipira likadzafika ndalama n'kuchepa, bamboyu adzabwera ndi ukali, ndipo ukali wake udzakhala womveka, poti ndi chidule chanu chimene chinamunamiza.

Lembani motere, nambala iliyonse pamzere wake. Kukonza galimoto K1,650,000, malinga ndi kotesheni imene kasitomala wawerenga, mphindi 8. Kukokera K150,000, akuti lisiti lilipo, mphindi 10. Zopemphedwa zonse K1,800,000. Ekisesi K200,000, watchula ndi kalaliki. Mamiliyoni awiri aja muwaike padera, kuti ndi maganizo a makaniko. Ndalama yodzalipidwa: sinagamulidwe. Mphindizo muzilemba nthawi zonse, kuti abwana akakayikira angopita pomwepo n'kudzimvera okha.

Ndipo nambala ikamveka mwakutali, mwina netiweki inadukaduka, musaganizire. Lembani kuti "sizikumveka, mphindi 8, afunsidwenso". Anthu athu potchula ndalama amadumphira m'Chingerezi, ndipo fifitini ndi fifite pafoni n'zovuta kusiyanitsa. Inu munakumanapo nazo? Tiuzeni pansipa.

Lamulo lomweli ligwirenso pa nkhani ya wolakwa. Bamboyu akuti wa minibasi ndiye anamugunda. Lembani "kasitomala akuti". Mukachotsa "akuti" ameneyo, mwaweruza mlandu musanaone lipoti la apolisi.

Chachinayi, mapepala. Agaweni patatu: amene afika, amene kasitomala akuti ali nawo koma sanatumize, ndi amene sanapezeke. M'chitsanzo chathu zithunzi zafika. Laisensi, bulubuku, kotesheni ndi lisiti akuti zili kunyumba. Fomu ya kileimu sanadzaze, lipoti la apolisi silinatuluke. Pa pepala lililonse lembani wolibweretsa ndi tsiku limene agwirizana. Ngati tsiku silinatchulidwe, nenani choncho, kuti wina amuimbire kasitomalayo mawa lomwe.

Vidiyoyi itumizeni kwa mnzanu amene wangoyamba ntchito pa desiki ya makileimu. Tionane sabata yamawa pa za moto zija.