Kusiya gawo la malipiro kuti abwana akulipirireni fizi: zimene zinayankhulidwa pa msonkhano wa ogwira ntchito ku Chibavi, Mzuzu

Zikomo a wapampando, amayi ndi abambo nonse amene mwabwera ngakhale kunja kukuwaza mvula. Mwandiitana chifukwa cha zimene zachitikira mnzathu wina amene amagwira ntchito ku kampani ina ya ku Luwinga, ndipo dzina lake sinditchula. Chaka chatha anavomera kuti malipiro ake atsitsidwe kuti kampani izimulipirira mwana fizi, ndipo kwa miyezi ingapo ankasangalala chifukwa msonkho unachepa. Mwezi wathawu atapita ku banki kukapempha ngongole yomalizira nyumba yake ku Mchengautuwa, anamuuza kuti malipiro ake ndi ochepa kuposa amene iye ankatchula, choncho anamupatsa ndalama zoperewera. Nkhaniyi itamveka, ena ayamba kunena kuti anaberedwa. Ine ndagwira ntchito yokonza malipiro a anthu kwa zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti munthuyu sanaberedwe ayi, koma anasayina chinthu chimene sanachimvetse. Musasayine musanaone mapepala awiri a malipiro, lakale ndi latsopano, ataikidwa pamodzi patebulo.

Dongosololi limayenda chonchi. Wantchito ndi womulemba ntchito amagwirizana kusintha mgwirizano wa ntchito kuti malipiro olembedwa atsike, ndipo m'malo mwa ndalama zimene zachotsedwazo, abwana amapereka thandizo lina, monga kulipira fizi, nyumba kapena chithandizo cha kuchipatala. Ndalamazo sizifikanso m'dzina lanu monga malipiro. Pa pepala lanu la malipiro pali mzere wapamwamba umene amalemba kuti Gross Pay, ndiye malipiro onse asanadulidwe kanthu, ndipo pansi penipeni pali Net Pay, ndiye zimene zimalowa ku akaunti. Mzere wapamwamba uja ndi umene umatsika, ndipo ukatsika, chilichonse chimene chimawerengedwa kuchokera pa mzerewo chimatsika nawo, chokupwetekani ndi chokuthandizani chomwe.

Tiyeni titenge munthu amene amalandira K600,000 pa mwezi, ndipo tinene kuti zonsezo ndi malipiro enieni opanda maalawansi. Ndigwiritsa ntchito magawo a msonkho wa PAYE amene anayamba mu Epulo 2024 chifukwa ndi osavuta kuwerengera, koma dziwani kuti magawowa amasinthidwa ndi bajeti ya boma, choncho powerengera zanu mutenge amene bungwe la MRA likugwiritsa ntchito mwezi umenewo. Pa magawo amenewo, K150,000 yoyamba siidulidwa msonkho, K350,000 yotsatira imadulidwa 25 peresenti, ndipo zopitirira pamenepo mpaka K2,550,000 zimadulidwa 30 peresenti. Munthu wathuyu amalipira K87,500 pa gawo lachiwiri ndi K30,000 pa K100,000 yapamwambayo, zonse pamodzi K117,500. Ya penshoni amadulidwa 5 peresenti, imene ndi K30,000. Ku akaunti kumalowa K452,500, ndipo akachotsapo yekha K100,000 ya fizi ya mwana, m'thumba mumatsala K352,500.

Tsopano asiye K100,000 ija kuti abwana azilipira ku sukulu. Mzere wapamwamba ukhala K500,000, msonkho ukhala K87,500 basi, popeza gawo lonse limene linkadulidwa 30 peresenti lachoka, ndipo ya penshoni ikhala K25,000. Ku akaunti kulowa K387,500, fizi italipidwa kale. Taonani bwino pamenepa: wasiya K100,000, koma zolowa ku akaunti zatsika ndi K65,000 yokha, ndipo poyerekeza ndi poyamba paja, m'thumba mwachuluka K35,000. Imeneyi ndiyo nambala imene amakuonetsani mu ofesi, ndipo si yabodza.

Koma K35,000 imeneyi si phindu yonse. Mwa iyo, K30,000 ndi msonkho umene simunalipire, ndipo imeneyo ndi yanudi. K5,000 yotsalayo ndi ndalama yanu yomwe imene inkapita ku penshoni, mwangoitenga kwa nkhalamba imene mudzakhale mawa n'kuidya lero. Palinso china chimene ambiri sachiona chifukwa pa mapepala ena sichilembedwa n'komwe. Lamulo la penshoni, limene linayamba mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati wolemba ntchito aziikapo zosachepera 10 peresenti. Pa K600,000 abwana ankaika K60,000, koma pa K500,000 aziika K50,000. Ndiye kuti thumba lanu la penshoni, limene linkalandira K90,000 mwezi uliwonse, tsopano likulandira K75,000, ndipo pa chaka laperewera K180,000, osawerengera phindu limene ndalamazo zikanabala. Mukachotsa K10,000 ya abwana imene mwataya pa K30,000 ya msonkho imene mwapulumutsa, chimene mwapindula chenicheni ndi K20,000. Ndikubwerezanso, mzere wapamwamba ukatsika, zonse zodalira mzerewo zimatsika.

Ndipo apa ndikudzudzuleniko pang'ono. Ambiri a inu pepala la malipiro mumaliyang'ana pansi pokha, kenako mumakulungira usipa kapena kuyatsira mbaula. Mukagula matumba a chimanga ku msika wa Mzuzu mumaonetsetsa sikelo mpaka wogulitsa kutopa nanu, koma pepala la thukuta lanu la mwezi wathunthu simuliwerenga. Tsiku lina bambo wina anabwera mu ofesi mwanga atakwiya kuti penshoni yake yachepa, ndipo nditamufunsa mapepala a miyezi itatu yapitayo anandiyankha kuti ana anapangira ndege.

(Mayi wina anaimirira n'kufunsa kuti: "Pepani abambo, ine kuntchito kwathu amandidula ndalama ya kuchipatala ndi ya ku SACCO mwezi uliwonse, koma msonkho wanga sunatsikepo. Kodi akundibera, kapena zimenezi n'zosiyana ndi zimene mukunenazi?")

Zikomo mayi, khalani pansi, funso lanu ndi limene ambiri ali nalo mumtima. N'zosiyana, ndipo mungathe kuzisiyanitsa nokha pa pepala lanu. Pali kudula kumene kumachitika msonkho utawerengedwa kale, monga ngongole ya ku SACCO kapena gawo lanu la chithandizo cha kuchipatala. Pamenepo mzere wapamwamba sukhudzidwa. Munthu wathu uja akanakhala kuti abwana akungomuthandiza kutumiza fizi ku sukulu, pamwamba pakanalembedwabe K600,000, msonkho ukanakhalabe K117,500, K100,000 ikanaoneka m'munsi pakati pa zodulidwa, ndipo ku akaunti kukanalowa K352,500, chimodzimodzi ngati walipira yekha. Sanapulumutse kalikonse, komanso penshoni yake sinataye kanthu. Choncho mayi, ngati mzere wanu wapamwamba uli monga unalili, simukuberedwa, ndalama zanuzo zikungodutsa m'manja mwa abwana popita kumene munazituma. Choopsa ndi pamene mupeza kuti pamwamba patsika, komanso m'munsi ndalama yomweyo yadulidwanso. Kumeneko ndi kudulidwa kawiri, nthawi zambiri chifukwa cha kulakwitsa kwa wolowetsa manambala mu kompyuta, ndipo muyenera kubwerera ku ofesi tsiku lomwelo.

Funso lanuli likundikumbutsanso kuti boma silinagone pa nkhaniyi. Thandizo limene wolemba ntchito amapereka m'malo mwa ndalama lili ndi msonkho wake, umene m'mabuku amalemba kuti FBT. Umenewu ndi 30 peresenti, ndipo amalipira ndi wolemba ntchito, osati inu. Mtengo umene amawerengerapo umasiyana malinga ndi mtundu wa thandizo, ndipo pa fizi imene abwana alipira okha ku sukulu amawerengera theka. Pa K100,000 yathu ija amatenga K50,000, ndiye msonkho wake ndi K15,000. Pamene abwana alandira mtolo umenewu, apulumutsa K10,000 ya penshoni, choncho ena amauvomera. Ena amanena kuti popeza thandizolo ndi lanu, musiyenso malipiro ena ophimbira msonkhowo, ndipo zikatero phindu lanu lija la K20,000 limatsala lochepa kwambiri. Funsani kuti FBT alipira ndani, ndipo yankho lake lilembedwe.

Muzindikirenso kuti phindu limadalira gawo la msonkho limene muli. Wolandira K150,000 kapena kucheperapo salipira PAYE pa magawo amene ndatchulawa, ndiye akasiya gawo la malipiro palibe msonkho umene wapulumutsa, wangochepetsa penshoni yake pachabe. Wolandira K200,000 amadulidwa msonkho pa K50,000 yokha, ndipo ngakhale asiye zochuluka bwanji sangapulumutse zoposa K12,500. Komanso malipiro sangatsitsidwe kupitirira malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa, ngakhale wantchito atavomera yekha. Amene amalandira zochepa, dongosololi kawirikawiri silikuthandizani, ndipo musalitengere chifukwa choti a manijala alitenga.

Mnzathu wa ku Luwinga uja chinamugwetsa ndi ichi: banki imayang'ana zimene zalembedwa pa pepala, siyang'ana zimene munkalandira kale. Ndalama ya ovataimu, ndalama ya masiku a tchuthi amene simunapite, ndi ndalama imene lamulo la ntchito limati mupatsidwe mukachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, zonsezi zimawerengedwa kuchokera pa malipiro. Kuchoka pa K600,000 kufika pa K500,000 ndi kutaya gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo ngati mgwirizano sunena kuti zimenezi ziziwerengedwa pa malipiro akale, mukhoza kuzipeza zitaperewera ndi gawo lomwelo pa tsiku limene mukuzifunitsitsa. Musasayine musanaone mapepala awiri.

Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kuyang'ana mafoni ndipo mvula ikukula, ndiye ndithamange. Pemphani a ku ofesi ya malipiro akulembereni pepala lachitsanzo la mwezi umodzi, malipiro asanasinthe ndi atasintha, ndipo gawo la penshoni la abwana lionekepo. Pemphani kuti penshoni, ovataimu ndi ndalama yochotsedwera ntchito ziziwerengedwa pa malipiro akale, chifukwa lamulo limangotchula zochepetsetsa ndipo abwana akhoza kuvomera zoposa pamenepo. Mgwirizanowo unene tsiku lothera, ndipo unene kuti mwana akamaliza sukulu kapena akasiya, malipiro abwerera pa K600,000 kuphatikizapo kukwezedwa kulikonse kumene kunachitika pakatipo. Ngati mukuganiza zotenga ngongole chaka chino, yambani mwapita ku banki kukafunsa kuti amawerengera pa mzere uti. Mwezi woyamba ukatha, tengani pepala latsopano muliyerekeze ndi lachitsanzo lija, ndipo mufunsenso ku sukulu ngati fizi yafikadi. Amene mwabwera ndi mapepala anu musachoke, ndikhala pa benchi la pakhomo paja kuti tiwerengere limodzi. A wapampando, ndabweza kwa inu.